Uthenga wa nkhuku umene anthu ankangoudutsa: mmene ndinaukonzera

Ndimaweta nkhuku zoyera ku Machinjiri, 200 pa ulendo umodzi, ndipo zambiri ndimagulitsira pa WhatsApp. Nkhuku ya mtundu umenewu ikakwana masabata 6 imadya magalamu oposa 150 pa tsiku. Zikakhala 200, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 silitha masiku awiri. Uthenga wotsatsa ukapanda kuwerengedwa Lachinayi, phindu limathera m'khola pofika Lolemba. N'chifukwa chake ndinakhala pansi n'kuuyang'anitsitsa uthenga umene ndinkatumiza kwa anthu 180 nthawi imodzi kudzera pa bulodikasiti, ija timatsegula pa timadontho titatu n'kusankha New broadcast.

Uthengawo unkayamba ndi tizithunzi ta moto titatu, kenako unkati:

"MONI MAKASITOMALA ATHU ONSE OKONDEDWA!!! Tikukhulupirira kuti nonse muli bwino. Ndife okondwa kukudziwitsani kuti nkhuku zonenepa zafika pa mtengo wotsika zedi!!! Tilinso ndi mazira, zipalapasiro, nthutumba ndi manyowa. Fulumirani zisanathe!!! Tumizani ndalama pa nambala iyi. Gawanani ndi anzanu."

Pansi pake ndinkaponyapo zithunzi 8. Pa anthu 180 aja ankayankha atatu kapena anayi, ndipo funso lawo linali limodzi: "Zingati?" Funso limenelo lokha linkasonyeza kuti uthenga wonsewo sunanene chinthu chimene wogula amafuna kumva.

Yambani mwaona ngati ukufika n'komwe

Musanasinthe liwu lililonse, dziwani kaye kuti bulodikasiti imafika kwa anthu okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Inu mukhoza kukhala ndi nambala ya munthu, mwamuika pa mndandanda, mwatumiza, koma ngati iye sanakusungeni, uthengawo sumupeza ndipo WhatsApp sikuchenjezani. Anthu ambiri amene timaganiza kuti akutinyalanyaza sanalandire kalikonse.

Kuti muone, tsegulani bulodikasitiyo, dinani uthenga wanu osachotsa chala, kenako sankhani Info. Mudzaona mayina m'magulu awiri, Read by ndi Delivered to. Musayang'ane tsiku lomwelo, chifukwa ambiri amagula bandulo mwa apo ndi apo. Dikirani masiku awiri. Kwa ine, pa 180 aja uthenga unafika kwa 112, ndipo 68 sunawafike. Chiwerengero cha Read by musachikhulupirire kwambiri, popeza ena anazimitsa tichongi ta buluu, ndiye amawerenga koma inu osadziwa.

Amene sunawafike aja ali mitundu iwiri, ndipo kuwasiyanitsa n'kosavuta. Mlembereni munthuyo payekha, osati kudzera pa bulodikasiti. Uthengawo ukaonetsa tichongi tiwiri, ndiye kuti foni yake ili bwinobwino, kungoti sanasunge nambala yanu. Ukakhala ndi kachongi kamodzi kwa masiku angapo, mwina alibe bandulo, mwina anasintha nambala, mwinanso anakutsekani. Amenewa achotseni pa mndandanda. Kwa amene sanasunge, mawu ochepa awa amakwanira: "Moni, ndine uja wa nkhuku wa ku Machinjiri, munagula kwa ine mwezi watha. Mukafuna kuti ndizikuuzani nkhuku zikakula, sungani nambala ino n'kundiyankha kuti eya." Mutumizireninso khadi la nambala yanu podina kachizindikiro kophatikizira zinthu n'kusankha Contact, kuti angodina n'kusunga. Musawalembere onse 68 pa ola limodzi ndi mawu ofanana. Anthu amene sakukudziwani bwino akadina Block kapena Report ambiri, nambala yanu ikhoza kutsekedwa. Ine ndinkalembera 10 pa tsiku.

Chimene chimanunkhitsa uthenga

Munthu satsegula uthenga kuti aone ngati ndi wabwino. Amaweruza usanatsegulidwe, poyang'ana kamzere kamodzi kamene kamaoneka pansi pa dzina lanu, kapena mizere iwiri imene imatulukira pamwamba pa foni ikalira. Pa uthenga wanga uja, malo onsewo ankadyedwa ndi moto utatu ndi "MONI MAKASITOMALA ATHU". Palibe nkhuku, palibe mtengo, palibe tsiku. Choipa kwambiri, popeza ndinkatumiza zithunzi pambuyo pa mawu, kamzere kaja kankaonetsa chinthu chomaliza, ndiye munthu ankangoona Photo ndi nambala 9 yobiriwira pambali. Mauthenga 9 ochokera kwa wogulitsa mmodzi nthawi imodzi, aliyense amadziwa kuti ndi malonda ongomwaza.

Zithunzi zija zinali ndi mlandu winanso. Amene foni yake imatsitsa zithunzi yokha, ndinkamudyera bandulo ndi malo m'foni popanda kumupempha. Amene anazimitsa zimenezo ankangoona mabokosi 8 osaoneka bwino, ndipo sakanawononga bandulo kuti aone nkhuku zoyera, zimene maonekedwe ake amawadziwa kale. Chithunzi chimodzi chinalinso ndi mawu akuti Forwarded pamwamba, chifukwa anandikonzera ndi mnyamata wina ine n'kungochipatsira mmene chinalili. WhatsApp imaika mawu amenewa pa chilichonse chimene mwapatsira chochokera kwa wina, ndipo anthu anazolowera kuwaona pa mauthenga a mphekesera. Chithunzi chotere chisungeni kaye m'foni, n'kuchitumiza ngati chatsopano.

Koma mzere umene unandipweteka kwambiri ndi wakuti "Tumizani ndalama pa nambala iyi." Aliyense wokhala ndi foni kuno analandirapo uthenga wa akuba wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala yakutiyakuti. Ine ndinkalemba chimodzimodzi, ndipo nambala ya Airtel Money imene ndinkapereka inali yosiyana ndi imene ndinkatumizira uthenga. Wogula wina anachita kundiimbira n'kundifunsa kuti, "Achimwene, foni yanu sinabedwe?" Nambala yolipirira isamakhale mu bulodikasiti. Iperekeni munthu akayankha, mutagwirizana kuchuluka kwa nkhuku, ndipo muuzeni dzina limene lituluke akamatumiza, kaya ndi pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Zotsalazo n'zodziwikiratu: zilembo zikuluzikulu zili ngati kukuwa, "mtengo wotsika zedi" wopanda nambala umamveka ngati msampha, ndipo "gawanani ndi anzanu" ndi kupempha ntchito kwa munthu amene simunamupatse kanthu.

Chichewa chimatithandiza, ife timadziwonongera tokha

Pa bulodikasiti ya pa foni palibe njira yoti dzina la aliyense lizilowa lokha. Mawu amene mwalemba ndi omwewo amene onse alandire. Koma wolandira saona anthu ena, uthenga umamufika ngati mwamulembera yekha, ndipo akayankha yankholo limabwera kwa inu nokha. Pamenepa chilankhulo chathu chili ndi mwayi. "Inu" ndi wa anthu ambiri komanso ndi wa ulemu kwa munthu mmodzi. Mukalemba kuti "Ndikusungireni zingati?" anthu 60 akhoza kulandira, aliyense n'kumva kuti mukuyankhula ndi iye. Chimene chimaulula kuti mwamwaza ndi mawu ochepa: "nonse", "makasitomala", "abale ndi alongo", "aliyense amene akufuna". Achotseni onse. Chotsaninso "ife" ngati muli nokha. Anthu amene amagula kwa inu amadziwa kuti ndi inu amene mumasosola nkhuku kuseri kwa nyumba, ndiye "ndife okondwa kukudziwitsani" amamveka ngati kalata ya ku ofesi.

Musapitirire muyeso n'kuyamba kunama. "Ndakuganizirani inu nokha" ndi bodza, ndipo anansi awiri akaonetsana mafoni pa mjigo adzaona kuti mawu ndi amodzi. Uthenga sukuyenera kunamizira kuti ndi wa munthu mmodzi. Ukungoyenera kukhala woti mukanatha kumuuza munthuyo pamaso osachita manyazi.

Moni ndiye wovuta. Kwathu kuno kuyamba nkhani osalonjera ndi mwano, koma moni wautali umadya kamzere kaja. Ndinayesa kuuchotseratu, mayi wina wachikulire anandiyankha kuti, "Mwadzuka bwanji kaye." Anali ndi chifukwa. Chimene chinagwira ndi liwu limodzi lakuti "Moni", kenako nkhani pa mzere womwewo. "Mwadzuka bwanji" ndi "Mwaswera bwanji" ndimawasungira uthenga wa munthu mmodzi, chifukwa bulodikasiti yotumizidwa m'mawa ena imawapeza usiku akagula bandulo, ndiye kufunsidwa mmene wadzukira 8 koloko usiku kumaulula zonse. Pa chifukwa chomwecho musalembe "lero" kapena "mawa". Lembani dzina la tsiku. Ndipo "mayi" kapena "bambo" musaike pa uthenga wa anthu ambiri, foni imodzi m'nyumba imagwiridwa ndi anthu angapo.

Kugawa mndandanda

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Mndandanda umodzi umalola anthu 256, ndipo ambiri timaona ngati cholinga ndi kuudzaza. Koma chimene chimachititsa uthenga kumveka kuti ndi wako si dzina lako, ndi kuona kuti zimene zalembedwazo zikukukhudza. Wokazinga tchipisi pa chiwaya safuna kumva za nkhuku yonenepa ya makilogalamu awiri, iye amaduladula n'kugulitsa zidutswa, ndiye amafuna yocheperako yotsika mtengo, ndiponso zipalapasiro ndi nthutumba. Mayi wogulira banja amafuna imodzi kapena ziwiri zazikulu, Loweruka, zomufikira pakhomo. Wa malo odyera amafuna kudziwa ngati mungamupatse 20 Lolemba lililonse osaphonya. Uthenga umodzi wonena zonsezi pamodzi umakhala wa munthu aliyense ndipo palibe amaumva ngati wake.

Ndinatenga kope la malonda n'kudutsa mayina onse, ndikudzifunsa mafunso awiri pa dzina lililonse: amagula chiyani, ndipo amakhala kuti. Zinanditengera madzulo awiri. Ogulira banja ndinawagawa pawiri potengera njira ya wa kabaza: a ku Machinjiri konkuno, 41, ndi a ku Chirimba, Kameza ndi Ndirande, 38. Achiwaya anali 19. Ofuna manyowa a m'dimba anali 11, ndipo amenewa kwa chaka chathunthu ndinkawatumizira za nkhuku pomwe sanagulepo ngakhale imodzi. Ogula zambiri, a malo odyera ndi okaoda, anali 14. Ena onse amene sindinathe kukumbukira kuti anagula liti ndinawasiya kunja. Ngati muli pa WhatsApp Business, ikani chizindikiro pa munthu aliyense pogwiritsa ntchito Labels kapena Lists, kuti wogula watsopano alowe gulu lake tsiku lomwelo. Ngati muli pa WhatsApp wamba, ikani mawu ofanana kutsogolo kwa dzina posunga nambala, monga "Chiwaya" kapena "Chirimba", ndipo mukafufuza liwulo onse amatuluka pamodzi.

Kulemba kwake, mzere ndi mzere

Titenge gulu la ku Chirimba, Kameza ndi Ndirande. Mitengo ili apayi ndi yongoyerekezera, ikani yanu. Kulemba koyamba kunatuluka chonchi:

"Moni, ndikukhulupirira muli bwino. Nkhuku zija zakula tsopano ndipo ndayamba kugulitsa. Mtengo ndi K12,000. Mukafuna mundiuze."

Uwu ndi wabwino kuposa woyamba uja, koma uli ndi mabowo atatu. Kamzere kooneka kunja kakuthera pa "ndikukhulupirira muli", mawu amene sanena kanthu. Sukunena tsiku, choncho munthu alibe chifukwa choyankhira lero. Ndipo "mukafuna mundiuze" akusiyira wogula ntchito yoganiza choti alembe. Munthu ali mu minibasi, dzanja limodzi lagwira chikwama, sangayambe kupanga chiganizo. Amati ndiyankha ndikafika, basi zathera pomwepo. Nditaukonza unakhala chonchi:

"Moni, Loweruka ndibweretsa nkhuku ku Chirimba, Kameza ndi Ndirande, m'mawa isanakwane 10 koloko.
Ndi za makilogalamu 1.8 mpaka 2, K12,000 imodzi. Yososola kale mtengo ndi womwewo.
Wa kabaza ndilipira ndine mukatenga ziwiri kapena kuposa.
Ndikusungireni zingati? Ingoyankhani nambala pofika Lachisanu masana, kuti ndidziwe zoti ndiphe."

Taonani mawu oyamba: moni, Loweruka, ndibweretsa, nkhuku, Chirimba. Munthu asanatsegule wadziwa kale tsiku, katundu ndi dera lake. Dzina la dera ndi limene limagwira ntchito imene tinkafuna kuti dzina la munthu ligwire. Wa ku Ndirande dera lake likhoza kubisika kumapeto kwa mzere, ndiye ngati gululo ndi lalikulu ndi bwino kuligawanso kuti aliyense aone kwawo koyambirira.

Kulemera kwalowa m'malo mwa "zonenepa". Aliyense wogulitsa amati zake n'zonenepa, koma amene walemba 1.8 wasonyeza kuti anaika pa sikelo. Yezani nkhuku 10 zotengedwa m'makona osiyana a khola, ndipo lembani kuyambira yopepuka mpaka yolemera, osati yolemera yokha. Mukalemba 2 n'kubweretsa ya 1.6, uthenga wotsatira sadzaukhulupirira. Mtengo uli poyera, choncho funso lija la "zingati" latha, ndipo amene ayankhe ndi amene wavomera kale mtengowo. Ena amaopa kulemba mtengo poganiza kuti anzawo a malonda awaona n'kutsitsa. Mtengo wa nkhuku amaudziwa kale aliyense wopita ku msika, ndiye kuubisa kumangotopetsa wogula.

Malire a Lachisanu masana ali ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chalembedwa. Apa ndi pamene pasiyana ndi "fulumirani zisanathe". Munthu amamvetsa kuti nkhuku yophedwa singadikire, makamaka magetsi akamazimazima, ndiye malirewo amawalemekeza. Ngati mulibe chifukwa chenicheni, musaike malire. Mukanena kuti zatsala 15, zikhale 15 zenizeni.

Funso lili kumapeto ndipo ndi limodzi, loyankhidwa ndi chala chimodzi. Mazira, nthutumba ndi manyowa ndazichotsa. Wogula akayankha kuti "2", pamenepo ndi pamene ndimamufunsa ngati ndiikemo thireyi ya mazira, ndipo popeza tsopano tikucheza awiri, ambiri amavomera. Uthenga wonse ukhale wokwana pa foni osafuna kutsitsa. Ukatalika kwambiri WhatsApp imaudula n'kuika Read more, ndipo funso lanu limabisika pansi pake.

Chithunzi chikhale chimodzi, chojambulidwa tsiku lomwelo: nkhuku ili pa sikelo, nambala ikuoneka. Mawu onse alembeni pansi pa chithunzicho ngati uthenga umodzi, kuti foni ilire kamodzi ndipo kamzere kakunja kaonetse mawu anu. Mukafuna kuti mtengo uoneke msanga, uikeni pakati pa nyenyezi ziwiri, umatuluka wakuda kwambiri:

```
*K12,000*
```

Chitani zimenezi pa chinthu chimodzi chokha. Mukadetsa mizere yonse mwabwereranso ku kukuwa kuja.

Kwa achiwaya mawu anasintha onse, mpaka kayankhulidwe:

"Achimwene, Lachinayi ndili ndi nkhuku zocheperako, za makilogalamu 1.4 mpaka 1.5, K9,500 imodzi mukatenga 5. Zipalapasiro ndi nthutumba ziliponso. Ndifika musanayatse moto. Zingati?"

Pano "achimwene" ndinamusiya chifukwa onse 19 ndi anyamata amene timaitanana choncho tikakumana. "Musanayatse moto" ndi mawu aang'ono, koma amasonyeza kuti mukudziwa nthawi imene ntchito yawo imayamba. Mawu otere simungawapeze mutakhala pa mpando. Amachokera pa zimene ogulawo amakuuzani, ndiye bwererani m'macheza akale muone mmene iwo amalembera, n'kugwiritsa ntchito mawu awo omwewo.

Anthu 14 amene salowa pa bulodikasiti

Ogula zambiri aja amatenga pafupifupi theka la khola, choncho ndimawalembera mmodzimmodzi. Sizitenga mphindi 30. Pa WhatsApp Business sungani thunthu la uthenga mu Quick replies n'kulipatsa dzina lalifupi, ndipo mukalemba dzinalo mawu onse amatuluka:

```
/nkhuku
```

Musanatumize, onjezani mzere woyamba ndi dzanja. Muitaneni mmene mumamuitanira pamaso, kaya ndi abwana, kaya amake a uje, kaya dzina la mfunda, ndipo tchulani chinthu chimodzi choona cha ulendo watha: "Ulendo uja munati zinachepa thupi, za ulendo uno zafika 2. Ndikusungireni 20 ngati kale?" Kuti muzikumbukira, lembani m'kope mzere umodzi nthawi iliyonse mukapereka katundu: tsiku, kuchuluka, ndi chimene ananena. Samalani pokopera uthenga wa munthu wina kupita kwa wina. Kutumiza "amake a uje" kwa bambo wa malo odyera n'koipa kuposa kusatchula dzina n'komwe. Mapulogalamu a WhatsApp achinyengo amene amalonjeza kuika mayina okha ndi kutumiza kwa anthu mazana asiyeni, chifukwa ndi njira yachidule yotsekeretsa nambala imene makasitomala anu onse amaidziwa.

Nthawi, kuchuluka kwake, ndi khomo lotulukira

Kale ndinkatumiza tsiku lililonse mpaka nkhuku zithe. Munthu akalandira mauthenga 6 osayankha, wa 7 amaudutsa asanauwerenge, ndipo ena amadina Mute kapena kuukankhira ku Archived, kumene simudzamvekanso. Tsopano gulu lililonse limalandira kawiri pa ulendo wa nkhuku: kamodzi masiku awiri kapena atatu lisanafike tsiku lobweretsa, kenako chikumbutso chachifupi. Chikumbutsocho chisapite kwa amene ayankha kale. Kufunsa munthu kuti "ndikusungireni zingati" pomwe dzulo anakuuzani kuti ziwiri kumaonetsa poyera kuti simukumuwerenga. Pangani kamndandanda kena ka amene uthenga unawafika koma sanayankhe, kapena alembereni payekhapayekha ngati ndi ochepa. Zithunzi za tsiku ndi tsiku, anapiye akufika, khola likusesedwa, ziikeni pa sitetasi. Imakhala maola 24, ndipo amaonera ndi amene wafuna yekha.

Ogulira banja amandiyankha bwino madzulo, cha m'ma 6 mpaka 8 koloko, ndiponso masiku a malipiro kumapeto kwa mwezi. Achiwaya madzulo ali pa moto, ndiye ndimawatumizira m'mawa. Lamlungu m'mawa ndi usiku kupitirira 9 koloko sinditumiza. Chofunika kuposa ola ndi ichi: tumizani nthawi imene inuyo muli ndi foni m'manja kwa ola lathunthu. Munthu akayankha "2" n'kudikira mpaka mawa, wazindikira kuti kumbuyo kwa uthenga kunalibe munthu. Yankho lanu likhale lotsimikizira zonse: "Zikomo mayi, ziwiri zososola, Loweruka cha m'ma 9, K24,000. Mulipira zikafika."

Pa uthenga woyamba wa mndandanda watsopano, ndiponso kamodzi pa miyezi ingapo, onjezani mzere uwu pansi: "Ngati simukufuna mauthenga a nkhuku, ingolembani AYI, sindikhumudwa." Anthu ambiri amachita manyazi kukana munthu amene amamudziwa, ndiye m'malo mokuuzani amangokutsekani mwakachetechete. Amene wakutsekani ndiye kuti mwamutaya, koma amene walemba AYI akhoza kukufunani yekha pa Khirisimasi. Akalemba, mchotseni nthawi yomweyo: tsegulani bulodikasiti, dinani dzina lake pamwamba, sankhani Edit recipients. Kwa ine analemba anthu 7.

Kuyesa musanatumize, ndi kuwerenga zotsatira

Uthenga uliwonse ndimayamba ndautumiza ku foni ina ya m'nyumba, n'kuiyang'ana ili yokhoma. Ngati mizere yooneka pamenepo sikunena tsiku, katundu ndi dera, ndimasuntha mawu. Kenako ndimauwerenga mokweza ngati ndaima pa geti la kasitomala. Chiganizo chimene sindingachinene pamenepo ndimachifufuta. Onaninso mtengo kawiri, chifukwa ziro mmodzi akasowa mudzafunika kutumiza uthenga wachiwiri wopepesa kwa anthu onse.

Pakatha masiku awiri lembani m'kope manambala atatu a gulu lililonse: amene unawafika, amene anayankha, ndi nkhuku zimene zinagulidwa. Manambalawa amakuuzani pamene pali vuto. Ngati ofikiridwa ndi ochepa, vuto ndi kusunga nambala, osati mawu. Ngati ukufika koma owerenga ndi ochepa kwambiri, vuto ndi mzere woyamba kapena mukutumiza pafupipafupi. Ngati akuwerenga osayankha, yang'anani mtengo, tsiku, kapena funso lanu. Ngati akuyankha ndi mafunso, monga "mufika ku Mbayani?" kapena "yamoyo ilipo?", chimene akufunsacho chilowe mu uthenga wotsatira. Musasinthe zinthu zitatu nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza.

Pa gulu la anthu 38 lija, ulendo woyamba uthenga unafika kwa 36, anayankha 13, ndipo nkhuku 21 zinapita Loweruka limenelo. Ulendo wotsatira ndinangokopera mawu omwewo n'kusintha mtengo wokha, ndipo oyankha anatsika kufika 8. Uthenga watsopano umakhala pansi penipeni pa wakale m'macheza a munthuyo, choncho akaona mizere inayi yofanana ndendende amadziwa kuti mwangomata. Kapangidwe kake kasiyeni momwemo, tsiku ndi dera poyamba, funso pomaliza, koma mzere wapakati uzinena chinthu choona cha ulendo umenewo: kuti zalemera kuposa za mwezi watha, kuti ulendo uno zilipo 120 zokha chifukwa cha kutentha kwa Okutobala, kapena kuti wa kabaza ayambira ku Ndirande m'malo mwa Chirimba.